MUSAWABWEZERE KU MOTO

Abale ndi alongo a m'migodi, m'mapulazi ndi m'makomboni, inu a ku Shamva ndi Bindura, a ku Harare ndi Bulawayo, a ku Kitwe ndi Ndola, ndi inu amene munabwerera ku Dedza ndi ku Mangochi, tamverani.

Kuno ku Wadzanai mau akuti "abwerere kwao" tiwadziwa bwino. Makolo athu anadza pansi kucokera ku Nyasalande ndi ku Tete kudzakumba golide wa Azungu, ndipo malipiro ao anali kuchedwa mabwidi ndi mabhurandaya. Pamene anchito a pa mgodi wa Shamva ananyanyala nchito m'caka ca 1927, atsogoleri ao ena anagwidwa nathamangitsidwa m'dziko muno. Cotero ncinthu camanyazi kumva mau omwewo akuturuka m'kamwa mwathu tsopano, ponena za munthu wa ku Kongo, wa ku Burundi kapena wa ku Mozambiki amene wafika opanda citupa. Ife tinena poyera: alipo anthu amene Boma lingathe kuwabweza kwao, ndipo aliponso ena amene Boma liri lonse silingathe kuwabweza, lingakhale litopa nao cotani. Munthu wa nchito ayenera kudziwa kusiyana kwace, pakuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

WOTHAWA KWAO NDANI?

Si mlendo ali yense amene ali wothawa kwao pamaso pa lamulo. Pangano la ku Jeneva la pa 28 Julaye 1951 lipatsa dzinali munthu amene ali kunja kwa dziko lace, amene ali ndi mantha oyenera kuti akabwerera akazunzidwa, ndiponso amene Boma la kwao silingathe kapena silifuna kumcinjiriza. Kuzunzako kuyenera kucokera pa cimodzi ca zifukwa zisanu: mtundu wace, cipembedzo cace, dziko kapena pfuko lace, gulu la anthu limene iye alimo, kapena maganizo ace pa ndale.

Poyamba panganoli linali la mabvuto amene anacitika cisanafike caka ca 1951, makamaka a nkhondo ya ku Ulaya. Malire a nthawi amenewo anacotsedwa m'caka ca 1967. Koma atsogoleri a Afirika anaona kuti zifukwa zisanu zija sizikwana. Mudzi ukatenthedwa pa nkhondo, cipolopolo sicifunsa cipembedzo ca munthu. Ndipo pa 10 Sepitembala 1969, ku Adisi Ababa, anapangana kuti wothawa kwao ndiyenso amene wacoka cifukwa dziko lace lathiridwa nkhondo, lalandidwa, likulamulidwa ndi alendo, kapena mtendere wasokonezeka kwambiri m'dziko lonse kapena m'cigawo cace. Ndi mau amenewa anthu a ku Mozambiki oposa 1,000,000 anakhala m'Malawi pa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, ndipo panalibe kufunsa mmodzi mmodzi kuti wakuzunza iwe ndani.

Nanga ife? Tisadzinyenge. Munthu amene anakwera Ulere, amene analemba Wenela kapena Mthandizi, amene apita ku Joni lero cifukwa cimanga sicinabereke, iyeyo si wothawa kwao. Njala ndi yowawa, koma siiri pa mndandanda wa zifukwa. Masiku a cilolezo cace akatha, Boma lingathe kumbweza, ndipo akafika pa Mwanza kapena pa Dedza apeza umphawi, koma sapeza munthu womdikira ndi cikwanje. Pfungulo la nkhani yonse ndi funso limodzi lokha: kodi cimdikira nciani tsidya lija la malire? Citupa siciyankha funso limeneli. Munthu akhala wothawa kwao pa tsiku limene zomcitikira zakwana ndi mau a pangano. Kalata ya Boma ingobvomereza cimene ciripo kale, monga kalata ya kubadwa siibala mwana ai.

ZIMENE ZINACITIKA PA SINDA MISALE

Kuti mumvetse lamulo loletsa kubweza anthu, onani pamene linaswedwa, ndipo amene anabwezedwa anali abale athu olankhula Cicewa.

Boma la Dr Banda linaletsa mpingo wa Mboni za Yehova m'mwezi wa Okutobala 1967. Mlandu wao waukuru unali wokana kugula khadi la cipani ca Malawi Kongeresi. Pa msonkhano wa cipani wa ku Zomba m'mwezi wa Sepitembala 1972 anagamula kuti Mboni zicotsedwe nchito m'Boma ndi m'makampani, malonda ao atsekerezedwe, ndiponso zithamangitsidwe m'midzi. Apayoniya ndi anyamata a cipani anacita monga anauzidwa. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, akazi anagwiriridwa, ena anaphedwa. Anthu anathawa, ena kulowa ku Mozambiki, ena ku Zambia. A ku Zambia anaunjikidwa pa msasa wa Sinda Misale, kum'mawa kwa dzikolo pafupi ndi malire, ndipo anafika ngati 19,000. Madzi anali ocepa ndi oipa, matenda anabuka, ndipo anthu oposa 300 anafera pomwepo, ambiri a iwo ana.

Tsopano tiyeni tiyese mlandu wao ndi muyeso uja. Kodi anali kunja kwa dziko lao? Inde, anali m'Zambia. Kodi mantha ao anali oyenera? Zipsera zinali pa matupi ao, ndipo cigamulo ca ku Zomba sicinali cobisika. Kodi cifukwa cace cinali cimodzi ca zisanu zija? Zinali ziwiri: cipembedzo cao, ndi ndale, pakuti kukana khadi kunawerengedwa ngati kuukira Boma. Kodi Boma la kwao likanawacinjiriza? Cipani colamula ndico cinawagamula. Palibe loya amene angapeze pothawira apa. Anthu amenewa anali othawa kwao eni eni, ndipo Zambia anali atadzimanga ndi pangano la ku Jeneva kuyambira caka ca 1969.

Koma m'mwezi wa Disembala 1972 maboma awiriwo anamvana, Boma la Malawi linalonjeza kuti anthuwo sakacitidwa coipa, ndipo msasa unatsekedwa. Anthu ngati 17,000 anakwezedwa magalimoto. Eni acewo anasimba kuti anauzidwa kuti akupita ku msasa wina m'Zambia momwemo, koma anatsikira ku Lilongwe. Lamulo loletsa mpingo wao linali likali m'malo, khadi linali likali kufunidwa, ndipo anyamata amene anatentha nyumba anali akali m'midzi yomweyo. Kumenya kunayambanso. Zikwi za anthu zinathawa kaciwiri, ambiri ku misasa ya ku Mozambiki monga wa Mlangeni. Pamene Frelimo inatenga Boma m'caka ca 1975, inatseka misasa ya kufupi ndi malire a Dedza ndi Ntcheu niwabweza ku Malawi. Pakutha pa caka cimeneco ambiri anali m'ndende, ndipo imodzi ya ndendezo inali Dzaleka. Mpingo wao unaloledwanso m'caka ca 1993.

Onani bwino amene anacita zimenezi. Zambia wa Dr Kaunda anasunga othawa a ku Rodeshiya, a ku Angola ndi a ku Mozambiki, nabvutika kwambiri cifukwa ca iwo. Timlemekeza pa cimeneco. Komatu amenewo anali othawa okondedwa, othawa adani a Zambia. Mboni zinali anthu amene cipani colamula ku Zambia nako sicinali kuwafuna, ndipo zinali kuthawa Boma la munthu wakuda loyandikana nalo. Kusunga bwenzi ali yense atha. Lamulo liyesedwa pa munthu amene simumkonda.

"AKANANGOGULA KHADI"

Tidziwa cimene ena a inu munena. Mukuti, "Anthuwo anadziputira okha. Khadi linali la ndalama zocepa. Akanagula, nakhala cete, nalima minda yao."

Mau amenewa ndi a kapitao woopa bwana. Ngati munthu angathe kupulumuka pokha pokha atataya cikhulupiriro cace, ndiye kuti akuzunzidwa cifukwa ca cikhulupiriroco. Wozunza ali yense ali ndi mtengo wace: uyu afuna khadi, uyo afuna kuti upfuule mau a cipani, wina afuna kuti usinthe dzina la pfuko lako. Pangano likanati "lipira mtengowo ubwerere", silikanacinjiriza munthu ndi mmodzi yemwe.

Nkhani imeneyi inafika ku bwalo lalikuru la milandu la ku Mangalande m'caka ca 2012, ndipo inali ya anthu a m'Zimbabwe muno. Anali anthu wamba osatsata cipani ciri conse. Anaopa kuti akabwezedwa, magulu a anyamata otseka miseu akawafunsa kuti aonetse kuti ndi a Zanu PF. Boma la Mangalande linati anthu otere sataya kanthu ponama, pakuti ndale alibe nazo nchito. Oweruza anakana. Anati ufulu wokhala ndi maganizo pa ndale uli pamodzi ndi ufulu wosakhala nao, ndipo munthu sangabwezedwe pomuuza kuti akadzipulumutse ndi bodza. Inu amene munaona cisankho ca 2008 m'cigawo cino ca Mashonalandi, weruzani nokha ngati oweruzawo analakwa. Simufunika kukonda ciphunzitso ca Mboni kuti muone kuti mlandu wao unali womwewo.

MAU A LAMULO

Ndime 33 ya pangano la ku Jeneva iletsa Boma kuthamangitsa kapena kubweza wothawa, mwa njira iri yonse, ku malire a dziko kumene moyo wace kapena ufulu wace ukakhala pa ngozi. Gwirani mau akuti mwa njira iri yonse. Kumkweza galimoto ndi mfuti ndi njira. Kumnamiza za kumene galimoto ipita ndi njira. Kumcepetsera ufa ndi madzi mpaka atanena yekha kuti bola ndikafere kwathu ndi njiranso. Kumpereka ku dziko lacitatu limene mudziwa kuti lidzampereka kwa adani ace ndi njira yomweyo, yangokhala yokhota.

Pangano la ku Adisi Ababa lionjeza ziwiri. Liletsa kukaniza munthu pa cipata ca malire ngati kukanizako kumsiya m'dziko la ngozi, cotero msilikali wa pa malire sanganene kuti uyu sanalowe, si mlandu wanga. Linenanso kuti kubwerera kwa wothawa kukhale kofuna mwini, ndipo wina asabwezedwe iye asakufuna.

Ndime 31 ya ku Jeneva ikhudza ife amene tizolowera kuyesa munthu ndi mapepala. Wothawa amene wadza molunjika kucokera ku ngozi sayenera kulangidwa cifukwa analowa opanda cilolezo, malinga adzionetse kwa akuru a Boma msanga nafotokoze cifukwa cace. Ndani apita kukapempha pasipoti kwa Boma limene likumsaka? Ndipo popeza sitingadziwe wothawa woona tisanamve nkhani yace, lamulo loletsa kubweza ligwira kuyambira tsiku limene munthu wapempha, kufikira mlandu wace utaweruzidwa.

KUBWERERA KOONA NDI KUBWERERA KWA BODZA

Maboma sanena kuti tabweza anthu ku ngozi. Anena kuti anthu abwerera kwao mwa kufuna kwao. Tingazindikire bwanji bodza? Yerekezani Sinda Misale ndi zimene tinaona pafupi pompano.

Pa nkhondo ya ku Mozambiki anthu a ku Tete ndi Manika analowa m'Zimbabwe. Ena anasungidwa m'misasa ya pa Mlatho wa Mazowe ndi Nyamatikiti ku Rushinga, ena ku Nyangombe, Tongogara ndi Chambuta, ndipo ena ambiri anamwazika m'mapulazi kukatola thonje pamodzi nafe. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu ngati 1,700,000 anabwerera kucokera m'maiko oyandikana m'zaka zotsatira, ambiri ndi miyendo yao, osadikira galimoto. Cisankho cinacitika m'caka ca 1994. Dzina la othawa kwao linacotsedwa pa anthu a ku Mozambiki pakutha pa caka ca 1996, patapita zaka 4 mfuti zitaleka kulira.

Pamenepa pali mafunso atatu amene munthu ali yense angafunse. Loyamba: kodi cimene anathawa catha? Ku Mozambiki nkhondo inatha. Ku Malawi m'caka ca 1972 sikunasinthe kanthu. Laciwiri: kodi wothawa adziwa zoona za kwao, ndi za kumene akumtengera? A ku Mozambiki anali kutuma mmodzi wa pa banja kukaona mudzi ndi munda asanasamuke onse. A pa Sinda Misale anadziwira pa mseu. Lacitatu: kodi angathe kunena kuti iai, nakhalabe ndi denga ndi cakudya? Ngati msasa utsekedwa mawa, inde wace alibe mtengo. Ndipo lonjezo la Boma limene linamzunza si umboni ai. Fisi akalumbira kuti waleka nyama, mbuzi siituruka m'khola kukayesa lumbirolo.

MALIRE A LAMULOLI

Ena ati lamuloli litsegulira mbala ndi akupha. Si zoona. Pangano likana dzina la wothawa kwa munthu amene pali zifukwa zolimba zoganizira kuti anacita zoopsa za pa nkhondo, anapulula anthu, kapena anapalamula mlandu waukuru wosakhudza ndale asanalowe m'dziko lothawirako. Msilikali amene akali ndi mfuti si wothawa kufikira ataleka nkhondo ndithu. Ndime 33 yomweyo ilola kucotsa munthu amene ali woopsa pa citetezo ca dziko, kapena amene bwalo lamtsutsa pa mlandu woopsa kwambiri ndipo akali ngozi kwa anthu. Koma zimenezi ziweruzidwa pa munthu mmodzi mmodzi, ndi umboni. Boma silingathe kunena kuti pakati pao pali mbala, cotero onse akwere. Pa ana amene anafera pa Sinda Misale, woopsa pa citetezo ca Zambia anali uti?

Tinenenso kuti lamuloli silipatsa zonse. Sililonjeza nchito, munda kapena unzika. Zimbabwe ndi Malawi, polowa m'pangano, anasunga mphamvu yosankhira othawa malo okhala. M'mwezi wa Meyi 2023 apolisi ndi asilikali a Malawi anagwira othawa amene anali m'matauni, natsekera ena m'ndende ya Maula pamodzi ndi ana, nawatengera ku Dzaleka. Malo aja amene anali ndende ya Mboni anasanduka msasa wa othawa m'caka ca 1994. Anakonzedwera anthu ngati 12,000, koma pa nthawiyo anali ndi oposa 50,000. Kutengera munthu ku msasa si kumbweza kwao, ncoona. Koma kumbukirani zimene tanena za ufa ndi madzi. Msasa ukapanikiza kufikira munthu asankha ngozi ya kwao, Boma lambweza ngakhale silinamkweze galimoto.

ZOYENERA KUCITA

Zimbabwe analowa m'pangano la ku Jeneva m'caka ca 1981, ndipo lamulo lace la othawa kwao la 1983 linatenga matanthauzo onse awiri, la ku Jeneva ndi la ku Adisi Ababa, pamodzi ndi kuletsa kubweza. Munthu akafika pa khomo panu usiku nanena kuti kwao akamupha, musambise m'komboni miyezi ndi miyezi, pakuti kucedwa kudzampweteka pa mlandu wace, ndipo akagwidwa adzayesedwa wolowa mozemba. Mperekezeni kwa apolisi kapena kwa a zolowa ndi kuturuka, ndipo anene momveka, pamaso pa mboni, kuti apempha citetezo monga wothawa kwao. Pempho lace lipita ku komiti ya othawa ndi kwa Komishinala woyang'anira othawa. Likakanidwa angathe kucita apilo kwa Nduna, ndipo ali ndi ufulu wokhala m'dziko kufikira apiloyo itatha. Adziwitsenso bungwe la Maiko Ogwirizana loyang'anira othawa, limene liri ndi ofesi ku Harare ndi ku Tongogara.

Muuzeni anene zoona zokha zokha: mudzi wace, tsiku limene anacoka, amene anamuopseza, njira imene anadzera. Asabwereke nkhani ya mnzace, pakuti ofunsa abwereza mafunso, ndipo bodza limodzi liononga zoona khumi. Asasaine pepala limene sanalimve, makamaka lonena kuti afuna kubwerera. Apemphe womasulira.

Ndipo inu amene munadza kudzafuna nchito cabe, musabvale malaya a wothawa. Bodza lanu lipatsa maboma cifukwa cokanira amene akuthawa imfa. Mabvuto athu a zitupa, a penshoni ndi a unzika wa ana obadwira kuno ali ndi nkhondo yace, ndipo tiimenye ndi dzina lace.

Abale, malire amene atigawa sanalembedwe ndi makolo athu. Mcewa wa ku Mchinji, wa ku Chadiza ndi wa ku Angoniya ndi mwana wa mbumba imodzi, ndipo pa zaka 60 zapitazi ali yense wa iwo wagogodapo pa khomo la mnzace. Palibe dziko m'cigawo cino limene silinaturutsepo othawa. Mukamva nduna, kapitao kapena mnzanu wa pa mowa akunena kuti abwerere kwao, mfunseni: abwerere kwa yani, ndipo cimene anathawa catha liti? Akalephera kuyankha, muuzeni za magalimoto a pa Sinda Misale.